Mabala a Pakhosi: Khoti Limagamula Bwanji Popanda Woona ndi Maso?

M'zaka za m'ma 1970, m'dziko la Zambia, mayi wina anapezeka atafa. Thupi lake linaonetsa kuti anachitidwa chipongwe, ndipo mabala amene anali nawo ankasonyeza kuti sanafe ali chete, analimbana naye womuphayo. Palibe munthu amene anaona zimene zinachitika. Chimene anthu ankadziwa n'chakuti usiku umenewo mayiyo ankamwa mowa pa bala ina pamodzi ndi bambo wina dzina lake David Zulu, ndipo cha pakati pa usiku awiriwo anatuluka limodzi. M'mawa mwake, pakati pa 6 koloko ndi 7 koloko, thupi la mayiyo linapezeka, ndipo pambuyo pake Zulu anasakidwa n'kugwidwa. Pakhosi ndi pachifuwa pake panali mabala okandika.

Imani kaye pamenepa, mudzifunse nokha. Mukanakhala inu pampando woweruza, mukanati chiyani? Ambirife mtima wagamula kale. Anatuluka naye limodzi, mayiyo analimbana ndi womupha, bamboyo wapezeka ndi mabala pakhosi. Chatsala n'chiyani? Khoti limene linazenga mlanduwo poyamba linaganizanso chimodzimodzi, ndipo linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha. Koma mu 1977 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, la Suprimu, linafafaniza chigamulocho ndi kumumasula. Kufikira lero maloya ndi majaji a ku Zambia amatchula mlandu wa Zulu pafupifupi nthawi iliyonse imene akukambirana za mlandu wopanda mboni yoona ndi maso. Chimene chinam'masula Zulu n'chinthu chaching'ono kwambiri, ndipo tikachimvetsa chimenecho, tamvetsa mmene khoti liyenera kuganizira.

Pali umboni wa mitundu iwiri umene umabwera m'khoti. Wina ndi wolunjika: mboni imaima m'bokosi n'kunena kuti, "Ndinamuona akumubaya." Khoti likaikhulupirira mboniyo, nkhani yathera pomwepo, palibenso china choti liganizire. Winawo ndi umene m'nkhani ino tiutche umboni wolozera. Mboni sinaone mlandu weniweniwo. Inaona kanthu kena kamene kali pambali pa mlanduwo: mapazi pamatope, magazi pamalaya, njinga ya womwalira itayedzamira khoma la nyumba ya wina, mawu oopseza amene ananenedwa pamaliro sabata yatha. Apa khoti lili ndi ntchito ziwiri. Liyenera kuyamba lakhutira kuti mboniyo ikunena zoona za kanthu kameneko. Likatero liyenera kuyenda lokha, ndi nzeru zake, kuchoka pa kanthuko kukafika pa mlandu. Pa ulendo wachiwiriwu ndi pamene anthu amasochera.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti popanda woona ndi maso palibe mlandu. Mumawamva akunena pamsika kuti, "Anandiona ndani?" Chimenecho si lamulo, ndipo chikanakhala lamulo bwenzi akupha, othira ziphe m'chakudya, othyola nyumba usiku ndi akuba ndalama za boma onse akuyenda mwaufulu, chifukwa anthu otere saitana mboni. Ndiponso maso amene timawadalirawo amanama. Munthu woona mtima angalumbire kuti anaona uje akuthawa, chonsecho anaona msana wa munthu mumdima kwa kamphindi, mtima uli thithithi ndi mantha. N'chifukwa chake makhoti, kutsatira mlandu wa ku Mangalande wa Turnbull wa 1976, amadzichenjeza okha asanakhulupirire mboni yotere: kunali kuwala kotani, anali patali bwanji, anamuona nthawi yaitali bwanji, ankamudziwa kale kapena ayi. Chala chosiyidwa pagalasi sichichita mantha ndiponso sichisunga mangawa. Kotero umboni wolozera si mng'ono wake wa umboni wa maso ayi. Nthawi zina umaposa. Vuto lake ndi lakuti sulankhula wokha, pamafunika munthu woumasulira.

Amalawi ambiri akukumbukira mlandu wa Misozi Chanthunya. Mu 2010 mtsikana wina wa ku Zimbabwe amene ankaphunzira mumzinda wa Blantyre anasowa, ndipo thupi lake linapezeka litakwiriridwa pansi pa simenti m'nyumba yopumulirako ya kunyanja ku Monkey Bay, ya kwa a Chanthunya. Iye anali atatuluka m'dziko. Anagwidwa ku South Africa mu 2012, anabwezedwa kuno mu 2018, ndipo mu 2020 khoti lalikulu ku Zomba linamupeza wolakwa n'kumulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Khoti la Suprimu linavomereza chigamulocho mu 2021. Mlanduwo unaima pa umboni wolozera: ubwenzi wa awiriwo, mayendedwe awo m'masiku omaliza a mtsikanayo, malo amene thupi linapezeka ndi mmene linabisidwira. Chinthu chimodzi pa chokha sichikanam'manga. Koma thupi silidzikwirira lokha pansi pa simenti m'nyumba ya munthu, ndipo zonsezo zitaikidwa pamodzi khoti linaona kuti zikuloza kumodzi.

Kuika pamodzi kumeneku jaji wina wa ku Mangalande, Pollock, anakufotokoza bwino mu 1866 pa mlandu wothyola nyumba wa Exall. Anthu ankayerekeza umboni wolozera ndi unyolo, woti mphete imodzi ikaduka zonse zagwa. Iye anati n'kwabwino kuuyerekeza ndi chingwe chopota. Amene anapotapo chingwe cha khonje akudziwa: luzi limodzi mwana angalidule ndi manja, koma atatu opotedwa pamodzi amamanga ng'ombe. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kuti munthu anali ndi chifukwa chodera womwalirayo, pa chokha si kanthu, tonsefe tili ndi otida. Kuti anaonedwa pafupi ndi malowo, pa chokha si kanthu, njira ndi ya aliyense. Kuti nkhwangwa yake inasowa tsiku lomwelo, pa chokha si kanthu. Koma zitatuzo zikakumana pa munthu mmodzi, tsiku limodzi, kunena kuti zangochitika mwangozi kumayamba kulemera m'kamwa.

Fanizo la chingwe ndi labwino, koma lili ndi msampha. Limatha kunyengerera woweruza kuganiza kuti tizingwe tambiri towola tikapotedwa pamodzi tilimba. Sitilimba. Ndipo pali milandu ina imene imakhaladi unyolo, imene mlandu wonse walendewera pa mfundo imodzi. Mlandu wa Zulu unali wotere.

Tiyeni tiumasule luzi ndi luzi. Loyamba: anatuluka limodzi pa bala pakati pa usiku. Izi zinatsimikizika. Koma zikutiuza chiyani? Zikutiuza kuti Zulu anali ndi mpata. Sizikutiuza kuti awiriwo anayenda limodzi mtunda wotani, kaya analekana pamphambano yoyamba, kaya mayiyo anakumana ndi wina m'njira. Kuchokera pakati pa usiku kufika 6 koloko m'mawa pali maola asanu ndi limodzi, ndipo m'maola amenewo mumdima mumayenda anthu ambiri. Amene amadziwika kuti ndiye womaliza kuonedwa ndi womwalira si ndiye kuti ndi womaliza kukhala naye. Ndi womaliza amene mboni zinamuona basi. Womupha weniweni, ngati ndi wina, ndiye amene anasamala kuti asaonedwe.

Luzi lachiwiri: mayiyo analimbana ndi womupha. Izinso zinatsimikizika, koma sizitchula dzina la munthu. Zimangotiuza kuti wakuphayo mwina anachoka ndi mabala.

Lachitatu ndiye mabala a pakhosi ndi pachifuwa. Apa ndi pamene panali mlandu wonse, chifukwa ndi mabalawa okha amene akanalumikiza Zulu ndi kulimbana kuja. Zulu anafotokoza m'khoti kuti mabalawo anawatenga kuntchito, kumene tizidutswa ta chitsulo timathetheka n'kumugwera pathupi. Amene anaimapo pafupi ndi wowotcherera zitsulo kapena wopala chitsulo ndi makina akudziwa kuti zimenezi zimachitika. Mbali ya boma sinabweretse umboni uliwonse wotsutsa mawu amenewa. Koma khoti loyamba lija, pofuna kutseka mpatawo, linanena kuti Zulu anali ndi zovala zodzitetezera kuntchito, kotero tizitsulo sitikanaboola zovalazo, choncho mabalawo anawatenga polimbana ndi mayiyo. Zikumveka zanzeru. Vuto ndi lakuti panalibe umboni uliwonse wa zovalazo. Palibe mboni imene inabwera kudzanena kuti kuntchito kwa Zulu amavala zakutizakuti, kapena kuti iye anavala. Zovalazo zinasokedwa m'mutu mwa woweruza.

Khoti la Suprimu, kudzera mwa Jaji Chomba, linati kufotokoza kwa Zulu kunali komveka ndipo sikunatsutsidwe, choncho panalibe chifukwa chokwanira chonenera kuti mabalawo anachokera pa mlanduwo. Linaonjezera mawu amene akhala muyezo kuyambira pamenepo: woweruza ayenera kudziteteza kuti asatolepo maganizo olakwika pa umboni wotere, ndipo asanam'peze munthu wolakwa ayenera kukhutira kuti umboniwo wautulutsa mlandu m'dziko la zongoganizira, wafika pamphamvu yoti sukulolanso yankho lina koma lakuti munthuyo ndi wolakwa. Mabala atachotsedwa, chimene chinatsala ndi anthu awiri akutuluka pa bala usiku. Munthu sangaweruzidwe mlandu wakupha chifukwa cha chimenecho.

Ndikamawerenga mlanduwu mtima wanga umapita kwa mayi uja. Anafa imfa yowawa, ndipo chigamulo cha mu 1977 sichinabweze kanthu kwa abale ake. Tisanamizane: khoti silinanene kuti Zulu sanaphe. Linanena kuti boma silinatsimikize kuti anapha, ndipo ziwirizi n'zosiyana. Koma cholakwacho sichili pa majaji amene anam'masula. Chili pa mpata umene unasiyidwa poyera, umene ukanatsekedwa ndi ntchito ya tsiku limodzi. Wofufuza akanapita kuntchito kwa Zulu, akanafunsa kapitawo kuti bamboyu amagwira ntchito yanji, anagwira liti komaliza, amavala chiyani, anzake ali ndi mabala otere kapena ayi. Dokotala akanabwera kudzauza khoti ngati mabalawo anali a zikhadabo kapena a chitsulo, pakuti zikhadabo kawirikawiri zimasiya timizere toyendera limodzi kapena tizizindikiro tokhota ngati mwezi watsopano, pamene chitsulo chothetheka chimasiya timadontho tomwazika, nthawi zina topsa. Akananenanso ngati anali a usiku womwewo kapena anali atayamba kale kuuma. Masiku ano akatswiri amatha kupala pansi pa zikhadabo za womwalira n'kuyeza ngati khungu lotsalira pamenepo ndi la woganiziridwayo, njira imene kunalibe nthawi imeneyo. Mayankho a mafunso amenewa akanam'manga Zulu zolimba, kapena akanam'masula msanga apolisi n'kuyamba kusaka wina mapazi asanafafanizike. Mbali zonse ziwiri chilungamo chikanapindula.

Wina angafunse kuti, bwanji sanam'lamule Zulu kuti abweretse yekha kapitawo wake? Yankho lake ndi limene lili pamtima pa milandu yonse yaupandu m'maiko amene anatengera malamulo a ku Mangalande, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia. Wonena ndiye atsimikize. Kuno kwathu gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati wozengedwa mlandu ayenera kuonedwa ngati wosalakwa ndipo ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo gawo 187 la lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni limaika katundu wotsimikiza kulakwa pamutu pa boma. Wozengedwa sakakamizidwa kutsimikiza kuti nkhani yake ndi yoona. N'zokwanira kuti nkhaniyo ingathe kukhala yoona m'maso mwa munthu woganiza bwino. Ngakhale jaji atakhala kuti mumtima sakuikhulupirira kwenikweni, ngati sangathe kunena motsimikiza kuti ndi bodza, chikaikocho chimapita kwa wozengedwa. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Boma lili ndi apolisi, madokotala, galimoto ndi mphamvu yoitana mboni. Wozengedwa nthawi zambiri ali pa rimandi, wopanda ndalama, mwinanso wopanda loya.

Mu 1939 khoti la apilo la ku South Africa, pa mlandu wa Blom, linaumba ganizo lonseli kukhala mafunso awiri, ndipo Jaji Watermeyer amene anawalemba amatchulidwabe m'makhoti a m'chigawo chino cha Africa. Funso loyamba: kodi yankho limene tikufuna kutolapo likugwirizana ndi mfundo zonse zimene zatsimikizika? Zonse, osati zokhazo zimene zikutikomera. Ngati pali mfundo imodzi yotsimikizika imene ikukana, yankholo lagwa. Funso lachiwiri: kodi mfundozo zikutseka mayankho ena onse omveka, n'kusiya limodzi lokhali? Ngati latsala lina lomveka, ndiye kuti chikaiko chilipo.

Mawu akuti "omveka" ndi ofunika. Khoti silifunsidwa kutseka maloto. Munthu wopezeka ndi wailesi yobedwa sangapulumuke ponena kuti mwina inagwa kuchokera m'ndege. Chikaiko chimene chimamasula munthu ndi chimene chili ndi phazi pansi, chochokera mu umboni umene uli pamaso pa khoti kapena m'mene zinthu zimachitikira pamoyo wa tsiku ndi tsiku. Tizitsulo ta Zulu tinali ndi phazi pansi.

Tiyese mafunso awiriwa pa nkhani yongoyerekeza, yonga imene mabwalo a majisitireti amakumana nayo kawirikawiri. Mbuzi yabedwa m'khola Lachiwiri usiku. Mwini wake amaidziwa: yamawanga akuda ndi oyera, khutu lakumanzere lodulidwa kunsonga. Lachitatu m'mawa anthu atsata mapazi kuchokera pakhola, adutsa m'munda wa chinangwa, akafika pabwalo la mnyamata wina. Kuseri kwa khitchini apeza chikopa chachiwisi, magazi asanaume, mawanga omwewo, ndi mutu wa khutu lodulidwa. M'nyumba muli nyama mumphika. Lamulo limalola khoti kuganiza kuti munthu wopezeka ndi katundu amene wangobedwa kumene, ngati sakupereka kufotokoza komveka, ndiye wakuba kapena analandira akudziwa kuti ndi wobedwa. Apa maola ndi ochepa, mapazi akulumikiza khola ndi bwalo, nyama ili m'nyumba mwake. Chingwe chapotedwa.

Tsopano sinthani kanthu kamodzi. Mbuziyo yapezeka yamoyo m'khola la mnyamatayo patapita miyezi itatu, ndipo iye akuti anaigula pamsika wa Loweruka kwa munthu wa njinga. M'miyezi itatu mbuzi ingadutse m'manja mwa anthu angapo. Kuti ili kwa iye sizikutiuzanso kuti ndiye anatsegula khola. Khoti liyang'ana mtengo umene akuti analipira, ngati unali wa pamsika kapena wotsika mokaikitsa, liyang'ana ngati anaibisa kapena inkadya poyera ndi zinzake, ndi zimene ananena nthawi yoyamba imene anafunsidwa. Kutalika kwa nthawi kumayezedwanso ndi mtundu wa katundu. Foni ya m'manja imatha kusintha eni kawiri tsiku limodzi mumzinda, pamene ngolo kapena chigayo sichiyenda msanga chotero.

Sinthaninso kena. Chikopa chili kuseri kwa khitchini, koma m'nyumba mulibe nyama, mipeni ndi youma, bwalo lilibe mpanda, ndipo njira yopita kudambo imadutsa pomwepo. Onjezani kuti mnyamatayo akulimbirana malire a munda ndi amene anatsogolera gulu lotsata mapazi. Apa funso lachiwiri la Blom laimirira: kodi sizingatheke kuti wina anataya chikopacho pamenepo? Zimenezi si maloto. Mu 1952, pa mlandu wa Teper, wamalonda wa ku British Guiana amene ankamuganizira kuti anatentha dala sitolo yake, majaji a ku London anachenjeza kuti umboni wolozera uyenera kuunikidwa mosamalitsa chifukwa ungathe kupangidwa dala kuti ukole munthu wina. Chitsanzo chimene anapereka aliyense wopita kutchalitchi akuchidziwa: chikho chasiliva cha Yosefe chimene chinaikidwa m'thumba la Benjamini. Chikhocho chinapezekadi m'thumbamo, mboni zinalipo zambiri, palibe amene ananama za pamene chinapezeka. Koma Benjamini sanabe. Moyo wa Yosefe yemweyo uli ndi zitsanzo zina ziwiri: mkanjo wake woviikidwa m'magazi a mbuzi unakhutiritsa bambo ake kuti wadyedwa ndi chilombo, ndipo chovala chake chotsalira m'manja mwa mkazi wa Potifara chinam'lowetsa m'ndende. Katatu konse chinthucho chinali chenicheni, cholakwika chinali kumasulira kwake.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu wamba timazitenga ngati kuvomera mlandu, pamene khoti limazigwira mosamala: kuthawa ndi kunama. Timati wothawa ndiye wolakwa. Koma m'dziko limene gulu la anthu limatha kumuveka munthu tayala n'kumuthira petulo chifukwa cha mfuu ya "wakuba!", wosalakwa wanzeru nayenso amaliyatsa liwiro. Bodzanso lili ndi amayi ambiri. Bambo anganame za kumene anagona chifukwa anali kwa chibwenzi ndipo akuopa akazi ake. Mnyamata angakane kuti sakumudziwa womwalira chifukwa chonjenjemera ndi yunifolomu ya wapolisi. Mayi anganame pofuna kuteteza mwana wake. Khoti lisanawerengere bodza ngati luzi la chingwe, limafuna kukhutira kuti linalidi bodza ladala, kuti likukhudza mfundo yofunika pa mlanduwo, ndi kuti palibe chifukwa china chomveka chonamira koma kubisa mlanduwo. Ngakhale zitatero, bodza limangolimbikitsa umboni umene ulipo kale. Silingalowe m'malo mwa umboni umene kulibe.

Chinanso chimene khoti limakana kuchiwerengera ndi mphekesera. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mboni iyenera kunena zimene inaona, kumva kapena kugwira yokha, ndipo iyenera kuima poyera kuti mbali inayo iifunse. Pa mlandu wa Teper uja, wapolisi anauza khoti kuti anamva mayi wina wosadziwika akufuulira munthu wa m'galimoto kuti sitolo yake ikupsa koma iye akuchokapo. Mayiyo sanabwere m'khoti, panalibe womufunsa kuti anaona bwino kapena ayi, ndipo chigamulo chinafafanizidwa chifukwa mawu akewo analoledwa kulowa mu umboni. "Mudzi wonse ukudziwa" si luzi. Ndi utsi chabe, ndipo utsi wina umafuka pa moto umene wayatsa wodana nawe.

Nanga munthu wamba angadziwe bwanji kuti chigamulo chaima pa mwala kapena pa mchenga? Mwayi wake ndi wakuti woweruza sangonena kuti "wolakwa" n'kunyamuka. Ayenera kulemba mfundo zimene anafunika kugamula, chigamulo chake pa mfundozo, ndi zifukwa zake. Kulemba kumeneku ndi kumene kunapulumutsa Zulu, chifukwa majaji a apilo anatha kutenga chigamulo m'dzanja limodzi, zolembedwa za mboni m'dzanja lina, n'kusakasaka pamene zovala zodzitetezera zija zinachokera, osapapeza. Inunso mukamamvera chigamulo cha m'bale wanu, kapena cha amene anakulakwirani, tcherani khutu ku mawu onga "ayenera kuti", "n'zodziwikiratu kuti", "munthu aliyense akanatero". Mukawamva funsani kuti, ndi mboni iti imene inanena zimenezi? Ngati yankho lake ndi lakuti palibe, pamenepo ndi pamene loya wa apilo adzalowetse chala. Onaninso ngati woweruza wayankha kufotokoza kwa wozengedwa n'kunena chifukwa chimene wakukanira, kapena wangokulumpha. Onani ngati pali mfundo yokomera wozengedwa imene yatsimikizika koma chigamulo sichikuitchula n'komwe.

Sindikunena kuti woweruza asamaganize. Kuganiza ndiyo ntchito yake, ndipo umboni wolozera popanda kuganiza ndi mulu wa zinthu chabe. Kusiyana kuli apa: kutola yankho kuchokera pa mfundo yotsimikizika ndi ntchito ya khoti, koma kupanga mfundo imene ikusowa kuti yankho limene mtima wafuna kale liime, kumeneko ndi kulosera. Malire ake ndi opyapyala, ndipo amene amawadumpha kawirikawiri si anthu oipa. Ndi anthu amene aona chithunzi cha thupi la mayi wophedwa mwankhanza, ali ndi munthu mmodzi yekha patsogolo pawo, ndipo sakufuna kuti imfa yotere ipite popanda wolangidwa. Mtima womwewo ndi umene umagwira gulu la anthu pamudzi likapeza mtembo m'mawa n'kukumbukira amene anali naye dzulo. Kusiyana kwake n'kwakuti chigamulo cha khoti chili ndi apilo. Munthu wotenthedwa pamsewu alibe kokadandaula, ndipo tsiku limene kudzadziwike kuti mabala ake anali a kuntchito, adzakhala ali m'manda.

Choncho ngati tsoka lotere litagwa pamudzi panu, chimene mungathandize nacho chilungamo chili m'manja mwanu. Musapondeponde pamalopo, musatole mpeni kapena chovala kuti muonetse anzanu, musasambitse thupi apolisi ndi achipatala asanafike. Mukaitanidwa kukhala mboni, nenani zimene munaona ndi maso anu, nthawi yake ndi malo ake, ndipo pamene simunaone nenani kuti simunaone. Ngati munawaona awiri akutuluka pa bala pakati pa usiku, nenani zomwezo, mulekere pomwepo.